Lipoti la Turnitin: mtundu umakuuzani kumene mawu afanana, mlandu mumaupeza nokha powerenga

Mwezi wa Okutobala ukafika kuno ku Joni foni yanga siipuma. Achinyamata athu amene akuphunzira m'mayunivesite a muno amakhala akumalizitsa mapepala awo, ndipo chimene amanditumizira kwambiri ndi chithunzi cha sikilini chokhala ndi nambala imodzi basi, 31% kaya 18% kaya 44%, pansi pake n'kulemba kuti "achimwene ndathera pompa". Ine ndimayankha chimodzimodzi nthawi zonse, kuti nambalayo payokha sindingaiwerenge, tsegula lipoti lonse tione mkati. Ndakhala ndikuthandiza kuchonga ntchito za ophunzira kwa zaka zingapo ndipo chimene chimandipweteka ndi choti anthu ambiri amaopa pamene palibe choopsa, kwinaku akudumpha pamene pali dzenje lenilenilo.

Tiyambe ndi chisokonezo chachikulu. Mu Turnitin, makina amene masukulu amagwiritsa ntchito pofananiza mawu a pepala lanu ndi zolemba za ena, muli mitundu ya magulu awiri ndipo siimanena chinthu chimodzi. Gulu loyamba ndi kabokosi kaja kamaoneka pafupi ndi peresenti musanatsegule lipoti. Pa maonekedwe amene ambirife tinazolowera, kakakhala ka buluu ndiye kuti sipanapezeke mawu ofanana, kobiriwira ndi kuyambira pang'ono pokha mpaka 24%, kachikasu 25 mpaka 49, ka olenji 50 mpaka 74, kofiira 75 mpaka 100. Apa mtundu ukungonena kuchuluka kwa mawu amene afanana ndi ena, basi. Sukunena kuti mwabera kapena simunabere.

Gulu lachiwiri ndi utoto umene umapakidwa pa ziganizo zanu mukatsegula lipoti mkati. Apa nde pamene anthu amasochera, chifukwa munthu akaona ndime yapakidwa zofiira mtima umagunda, akaona ina yapakidwa zobiriwira kaya za pepo amati iyi ndiye bwinobwino. Ayi ndithu. Pa mndandanda wa kumanja umene walembedwa kuti Match Overview, gwero lililonse limapatsidwa nambala ndi mtundu wake. Nambala 1 ndi gwero limene lafanana ndi mawu anu ambiri kuposa ena onse, nambala 2 lotsatira, choncho choncho mpaka pansi. Mtunduwo ndi yunifolomu chabe, yokuthandizani kuzindikira kuti chiganizo ichi cha pa tsamba 4 ndi ichi cha pa tsamba 19 zafanana ndi gwero limodzi. Zofiira zitha kukhala zosalakwa ngakhale pang'ono, ndipo kachidutswa ka mtundu wosaoneka bwino ka nambala 14 n'kukhala kamene kangakufikitseni kukomiti ya mwambo.

Ndifotokoze ndi nkhani ya mchemwali wina wa ku Mchinji amene akuchita masitazi, ndipo anandilola kuti ndiifotokoze bola osatchula dzina. Amalemba za ndondomeko ya feteleza wotsika mtengo, makuponi aja anayamba m'nyengo ya 2005/06 nthawi ya Bingu wa Mutharika. Machaputala awiri oyamba pamodzi ndi malefelensi anali mawu pafupifupi 10,000, ndipo lipoti linabwera 31%, kabokosi kachikasu. Tinakumana Loweruka masana ku Braamfontein, pa tebulo la panja, iye atagwira laputopu manja akunjenjemera, tiyi wake mpaka anazizira osamwa. Mantha ake ndimawamvetsa, munthu uli pa pemiti ya sukulu, fizi ikulipidwa ndi thandizo la anthu ena, kwanu akudikira kuti ubwere ndi pepala, ndiye mawu oti kubera akangomveka umaona ngati zonse zagwa.

Chinthu choyamba ndinamuuza kuti atenge pepala alembe samu imodzi: pa mawu 10,000, peresenti imodzi ndi mawu pafupifupi 100. Samu imeneyi musamaiwale chifukwa ndi imene imasandutsa nambala kukhala chinthu chooneka. 31% ndi mawu ngati 3,100, nde funso ndi lakuti mawu amenewa ali pati ndipo ndi amtundu wanji. Komanso zikutanthauza kuti gwero lolembedwa 2% si laling'ono ayi, ndi mawu 200, ndime ziwiri zathunthu ngati aunjikana malo amodzi. Pa diseteshoni ya mawu 30,000, peresenti imodzi yomweyo ndi mawu 300, pafupifupi tsamba lonse.

Tisanakhudze sefa iliyonse yobisira zina mwa zofananazo tinayenda kaye pepala lonse kuchokera pamwamba mpaka pansi, osawerenga, kungoona mmene utoto wagwera. Kumapeto, pa malefelensi, masamba anali ngati chitenje, mzere uliwonse mtundu wake. Izi ndi zoyembekezeka ndipo ndi chizindikiro chabwino kumene, chifukwa dzina la wolemba, chaka, mutu wa buku ndi dzina la jenala sizisintha, aliyense amene anawerenga buku lomwelo n'kulilemba mwa dongosolo lomwelo alemba zofanana ndi zanu. Lefelensi yolondola iyenera kufanana ndi ya wina. Koma pali chimodzi choti muone ngakhale pamenepa. Ngati malefelensi khumi kaya khumi ndi asanu otsatizana onse apakidwa mtundu umodzi, nambala imodzi, ochonga amayamba kudzifunsa ngati munawerengadi mabuku amenewa kapena munangonyamula mndandanda wa munthu wina. Kwa mchemwaliyu mitundu inali yosakanikirana, panalibe vuto.

Kenako tinadina kachizindikiro kooneka ngati fanulo, pamene pamatsegula Filters and Settings, n'kuchonga Exclude Bibliography ndi kudina Apply Changes. Nambala inatsika kuchoka 31 kufika 23. Mawu 800 achoka osasintha ngakhale chilembo chimodzi. Sefa imeneyi imagwira bwino ngati mutu wa gawolo uli pa mzere wakewake ndipo ndi mawu odziwika ngati References kapena Bibliography. Mukaona kuti mwachonga koma malefelensi akadali ndi utoto, yambani mwaona mutuwo. Ndipo mukasefa bwererani kumapeto mukaone pamene utoto wazimiririka, chifukwa nthawi zina sefa imapitirira n'kumeza zimene zili pambuyo pa malefelensi, ndiye mumakhala ngati mwayera pamene gawo lina silinaonedwe n'komwe.

Sefa yachiwiri ndi Exclude Quotes. Tinachonga, 23 inakhala 19. Apa ndinamuimitsa kaye chifukwa sefa iyi ndi imene imanamiza anthu kwambiri. Iyo imangoona tizizindikiro ta koteshoni, ikaona mawu ali pakati pa tiwiritiwiri tija imawabisa, siifunsa ngati mwatchula mwini mawuwo, siifunsa ngati mwaika tsamba. Ndiye koteshoni yopanda saiteshoni imabisika limodzi ndi yolondola. Chimene timachita ndi kuzimitsa sefayo, kupeza makoteshoni onse mmodzimmodzi akadali ndi utoto, n'kufunsa zinthu zitatu pa iliyonse: yatsegulidwa ndi kutsekedwa, pali dzina ndi chaka, pali nambala ya tsamba. Mwa makoteshoni ake asanu ndi anayi, awiri analibe tsamba. Kukonza kwake mphindi zochepa. Ndinamuuzanso kuti mawu 400 a koteshoni pa 10,000 si ochuluka, koma akanakhala 1,500 supavaiza akanadandaula ngakhale onse ali olondola, chifukwa pamenepo pepala limasanduka msonkhano wa anthu ena, mwini wake osamveka.

China choti mudziwe, mukasefa manambala ndi mitundu ya magwero zimatha kusintha malo, chifukwa gwero limene linali pamwamba mwina linali la malefelensi okha. Choncho musalembe kuti "zofiira ndakonza" musanasefe, lembani dzina la gwero. Komanso sefa yanu siisintha pepala lanu, ndipo ochonga amatha kuyatsa kapena kuzimitsa sefa kumbali kwawo mmene akufunira.

Tsopano 19% yotsalayo ndi imene inali ntchito yeniyeni, ndipo tinatenga mtundu umodzi panthawi, kuutsatira kuchokera koyamba mpaka kumapeto tisanapite kwa wina.

Nambala 1, wofiira uja, anali 5%, pansi pake palembedwa Student Paper komanso Submitted to kenako dzina la yunivesite yake yomwe. Apa nde anatsala pang'ono kulira, akuti "achimwene ine sindinaonerepo kwa munthu, ndikulumbira". Tinadina. Chidutswa choyamba chinali tsamba lolumbira lija, limene wophunzira aliyense amakopera kuchokera ku fomu ya dipatimenti kunena kuti ntchitoyi ndi yangayanga, mawu ngati 150. Limafanana ndi la anthu mazanamazana ndipo palibe amene angakufunseni. Koma zidutswa zina zofiira zinali mu chaputala 1, ndime zitatu, mawu ngati 350. Ndinamufunsa ngati analembapo za makuponi kale. Anakhala chete pang'ono kenako anati ee, semesita yatha, asainimenti ya kosi ina. Ndiye gwero linali iye mwini. Turnitin ikasunga pepala lanu m'nkhokwe yake, ulendo wina imakufananizani ndi inu nomwe, ndipo kwa wophunzira siionetsa dzina la mwini pepala kapena mawu ake onse, nchifukwa chake zimaoneka ngati ndi mlendo.

Iyi si nkhani yongoinyalanyaza. Ngati ndi pulopozo ya kafukufuku yemweyu, masukulu ambiri amayembekezera kuti ifanana ndipo kungomuuza supavaiza kumakwana. Koma ngati ndi ntchito ya kosi ina imene munalandira kale malikisi, kuibweretsanso osanena kumawerengedwa ngati kulandira malipiro kawiri pa ganyu mmodzi. Njira yake ndi kufunsa supavaiza poyera, n'kuilembanso mwatsopano kapena kudzitchula nokha ngati gwero mmene malamulo a dipatimenti akunenera. Iye anasankha kulembanso, ndipo kunena zoona ndimezo zinafunikadi kusintha chifukwa funso lake linali litasintha kale.

Nambala 2 anali 3%, Internet Source, tsamba la malamulo. Anali mawu a gawo 30 la malamulo aakulu a dziko la Malawi a 1994, lonena za ufulu wa chitukuko, ndi ziganizo zina za mu ndondomeko ya boma ya ulimi. Anatchula gwero bwinobwino, chaka chilipo, gawo lilipo. Nanga bwanji sefa ya makoteshoni sinazibise? Titayang'anitsitsa tinapeza kuti anagwiritsa kachizindikiro kamodzikamodzi m'malo mwa tiwiritiwiri, ndipo sefayo kamodzi kaja sinakawerengere ngati koteshoni. Apa panalibe kubera kulikonse, ndi makina chabe osazindikira. Ngati sitayilo ya dipatimenti yanu imafuna kamodzikamodzi musasinthe chifukwa choopa utoto, ochonga ali ndi maso. Ya iyeyu imafuna tiwiri, choncho anasintha.

Nambala 4 ndiidumphire msanga, 2%, tizidutswa tating'onoting'ono tomwazikana masamba onse, mayina a unduna, dzina lonse la ndondomeko ya makuponi, dzina la ofesi ya kalembera ya ku Zomba ndi la kafukufuku wake wa m'makomo. Dzina ndi dzina, simungalitchule mwina. Mukaona utoto wa mawu asanu kaya asanu ndi atatu apa, ena tsamba linalo, osalumikizana, pitirirani.

Nambala 3 ndi amene ndikufuna tikhalepo nthawi, chifukwa ndi amene ndimamuona pafupifupi pa pepala lililonse ndipo eni ake nthawi zambiri sadziwa kuti alakwa. Anali 2% yokha, Publication, nkhani ya mu jenala. Koma mawu onse 200 anali malo amodzi, ndime ziwiri zotsatizana pa tsamba 11. Ndipo utoto wake unali ndi maonekedwe amene mukawaona kamodzi simudzawaiwala: mzere wopakidwa, kenako liwu limodzi loyera, utoto n'kupitiriza mawu khumi, mawu awiri oyera, utoto n'kupitiriza. Ngati mano a munthu amene anaguluka apa ndi apo. Mipata yoyerayo ndi pamene wolemba anachotsa liwu la mwini n'kuikapo lofanana nalo, koma msana wa chiganizo, kayalidwe ka mfundo, chiyambi ndi mathero, zonse ndi za mwini wake.

Tinadina pa kanambala kaja ndipo kabokosi kanatseguka kosonyeza mawu a gwero pambali pa ake. Iye anati "koma ndasaita achimwene, onani kumapeto kwa ndime". Zoona, dzina ndi chaka zinalipo. Ndiye ndinamufotokozera chimene ndimafotokozera aliyense, kuti saiteshoni ndi tizizindikiro ta koteshoni zimagwira ntchito ziwiri zosiyana. Saiteshoni imati ganizo ili ndalitenga kwa uje. Tizizindikiro timati mawu awanso ndi a uje. Mukaika saiteshoni yokha ndiye kuti mukuuza wowerenga kuti ganizo ndi la uje koma mawu ndi anga, ndipo ngati mawu 170 mwa 200 ndi a ujeni, mwanena zosaona ngakhale simunafune kutero.

Panalinso chizindikiro china mkati mwa ndime zomwezo chimene ochonga odziwa ntchito amachiona msanga. Masaiteshoni a m'mabulaketi, atatu, nawonso anali atapakidwa mtundu womwewo, ndipo anali mu dongosolo lofanana ndendende ndi la mu jenala. Kutanthauza kuti anatenga ndime pamodzi ndi mboni zake. Ndinamufunsa ngati anthu atatuwo anawawerenga, anati mmodzi yekha. Apa vuto limakhala pawiri, mawu si anu, komanso mukuoneka ngati munachita ntchito yowerenga imene anachita ndi wina. Kukonza kwake ndi kukawapeza awiri enawo n'kuwawerengadi, kapena kulemba poyera kuti mwawamva kudzera mwa wolemba wa jenalayo.

Kalembedwe katsopano ka ndime yotere sikayamba ndi kusaka mawu ofanana. Ndinamuuza kuti atseke laputopu andiuze m'Chichewa zimene wolembayo akunena, ngati akufotokozera mayi ake kumudzi. Anayamba movutika, kenako zinatuluka: akuti makuponi ena amathera kwa anthu amene akanatha kugula feteleza okha, ndiye feteleza wogulidwa pa mtengo wonse amachepa, ndipo phindu lenileni la ndondomekoyo limakhala locheperapo kuposa mmene matumba ogawidwa akuonetsera. Ndinati basi, lemba zimenezo m'Chingerezi chako, ika saiteshoni, kenako tsegula gwero uone ngati sunapotoze. Mawu 200 anasanduka 80 ndipo anamveka bwino kuposa poyamba. Ife amene timaganiza m'zilankhulo ziwiri tili ndi mwayi umenewu, ganizo likadutsa m'Chichewa n'kubwerera limasiya malaya a mwini wake panjira. Koma saiteshoni isachoke, ganizolo likadali la mwini.

Nambala 5 anali 1%, ndipo ndi amene akanamugwetsa. Ndime imodzi, mawu ngati 90, utoto wosaduka kuyambira chilembo choyamba mpaka mpumiro, popanda mpata woyera, popanda koteshoni, popanda dzina la munthu aliyense pafupi. Inachokera mu lipoti la bungwe lina la pa intaneti. Atayang'ana mu fayilo yake ya manotsi anaipeza, anaikopera miyezi inayi yapitayo osalemba kumene yachokera, ndipo pobwera kudzalemba chaputala anaiona ngati ndi yake. Ndikukhulupirira kuti sanachite dala, koma lipoti silionetsa mtima wa munthu, limaonetsa ndime yathunthu ya wina yopanda dzina. Taonani bwino apa, wofiira wa 5% uja gawo lake lina linali fomu ya sukulu, wa 3% analibe mlandu, koma wa 1% uyu ndi amene ali kubera kosatsutsika pa pepala.

Nchifukwa chake sefa yachitatu ndimaiopa. Pali posankha kuti magwero aang'ono asaoneke, Exclude sources that are less than, ndipo mumasankha kaya ndi chiwerengero cha mawu kaya peresenti. Mukaika mawu ochepa ngati 8 kapena 10 zimathandiza kuchotsa zinyalala za mayina ndi ziganizo zimene aliyense amalemba. Koma mukasankha peresenti n'kuika 2, ndime ya mawu 90 ija ikanazimiririka ndipo tikanapita kunyumba tikusangalala. Ine sefa imeneyi ndimaiyatsa pomaliza penipeni, nditaona kale chilichonse ndi maso.

Pansi pa mndandanda panali magwero ambirimbiri olembedwa <1%, onse pamodzi ngati 6%. Ambiri anali ziganizo za tsiku ndi tsiku za kafukufuku, zija zoti chaputala chino chikufotokoza zakutizakuti, cholinga cha kafukufukuyu ndi chakuti. Koma m'malo moyenda ndi mndandanda, apa muyende ndi tsamba, chifukwa pali chinthu chimene mndandanda sungakuonetseni. Pa tsamba 14 tinapeza ndime imodzi yokhala ndi mitundu inayi yotsatizana, chiganizo choyamba mtundu wina, chachiwiri wina, chachitatu wina, pakati pake mawu ake a iye mwini ndi olumikizira okha. Gwero lililonse palokha ndi laling'ono moti silingakuopseni, koma ndime yonse ndi zigamba zosokedwa, ulusi wokha ndiye wanu. Ndime yotere imalembedwanso yonse, ndipo funso lothandiza ndi lakuti anthu anayiwa akugwirizana pati, akusiyana pati, ine ndikuima pati. Mukayankha zimenezo ziganizo zimabwera zanu zokha.

Chinanso chimene chimasokoneza, gwero limene Turnitin yakuonetsani si nthawi zonse limene inu munatengako. Mutha kuona Submitted to yunivesite ya ku Australia kaya ku Kenya imene simunaimvepo. Sizikutanthauza kuti munaonera wophunzira wa kumeneko, nthawi zambiri nonse awiri munatunga pa chitsime chimodzi, buku limodzi kaya tsamba limodzi la pa intaneti. Mukatsegula All Sources mumaona magwero onse amene ali ndi mawu omwewo ndipo kawirikawiri mwini weniweni amapezeka pamenepo. Musasaite pepala la wophunzira wosamudziwayo, pezani chitsimecho. Komanso kunena kuti "gwero ili sindikulidziwa" sikuchotsa funso, ngati chiganizo cha mawu 40 chafanana ndendende ndiye kuti penapake munachiwerenga.

Masukulu ena tsopano ali ndi maonekedwe atsopano a lipoti, amene ali ndi gawo lotchedwa Match Groups. Pamenepo makina amayesa kugawa okha zofananazo m'magulu anayi, Not Cited or Quoted, Missing Quotations, Missing Citation ndi Cited and Quoted, ndipo mtundu umatsatira gulu osati gwero. Choncho musanayambe kuwerenga onani kaye kuti muli pa gawo liti, la magulu kapena la magwero, chifukwa tanthauzo la utoto limasinthiratu. Magulu amenewa amathandiza kudziwa poyambira, ndime za mano oguluka zija zikanayenera kugwera ku Missing Quotations, ndime ya mawu 90 ku Not Cited or Quoted. Koma ndi kuyerekeza kwa makina, dzina la unduna nalonso limagwera ku gulu loyambalo popanda mlandu, ndipo saiteshoni yolembedwa mwachilendo imatha kusaoneka. Kuwerenga ndi maso sikunathe ntchito.

Ndiyeno malo oyera, opanda utoto, nawonso si umboni woti zonse zili bwino. Makinawa amafananiza mawu ndi zimene zili m'nkhokwe yawo, masamba a pa intaneti, majenala ndi mabuku amene ali nawo, ndi mapepala a ophunzira amene anasungidwa. Buku lakale la mu laibulale limene silinaikidwepo pa intaneti mwina sangalione, ganizo la munthu limene mwalinena m'mawu anu osamutchula sangalione, tebulo limene mwaika ngati chithunzi sangaliwerenge. Supavaiza amene wakhala mu nkhani imeneyo zaka makumi awiri amalizindikira ganizo la mnzake ngakhale lilibe utoto. Ndipo pepala la kafukufuku lobwera 0% ine limandidabwitsa kuposa la 20%, chifukwa ngakhale malefelensi okha amayenera kufanana ndi a wina.

Abale, chonde, za anthu aja amalengeza m'magulu a pa foni kuti tumizani pepala tikuchekereni kaya tikutsitsireni peresenti pa mtengo wakuti, zisiyeni. Akaliika pa akaunti imene imasunga mapepala m'nkhokwe, tsiku limene mudzapereke kusukulu lidzafanana ndi lokha pafupifupi lonse, ndipo kufotokoza kuti pepala lanu linafika bwanji kwina ndi ntchito yowawa. Otsitsa peresentiwo ena amalowetsa zilembo za zilankhulo zina zooneka ngati zathu kapena mawu obisika oyera, pamene lipoti lili ndi gawo la Flags limene limasonyeza zimenezo kwa ochonga, ndipo pamenepo sipakhalanso zoti sindinadziwe. Ngati sukulu yanu ili ndi malo oyeserera, gwiritsani amenewo. Kumbukiraninso kuti kumene amalola kutumiza kangapo, mukabwereza katatu lipoti lotsatira limadikira maola 24, nde musasiye ntchitoyi usiku womaliza.

Mchemwali uja anatenga masiku anayi. Analembanso ndime zitatu za asainimenti yakale, ndime ziwiri za pa tsamba 11, ndime ya zigamba ija, ndipo ya mawu 90 anaifupikitsa n'kuipatsa mwini wake. Anapeza mapepala awiri aja amene sanawerenge, limodzi anapeza kuti silikunena n'komwe zimene ankaganiza ndipo analichotsa. Lipoti latsopano linabwera 25%, kabokosi kakadali kachikasu, ndipo ananditumiziranso chithunzi ndi funso loti kodi achotse makoteshoni ena kuti kasanduke kobiriwira. Ndinamufunsa ngati dipatimenti yake inaika malire a nambala, anati ayi, amangofuna lipoti liperekedwe limodzi ndi pepala. Ndinati ndiye asakhudze kanthu. Atachonga sefa ziwiri zija inatsala 10%, tsamba lolumbira, mayina a maofesi ndi tiziganizo tomwazikana. Anatumiza kwa supavaiza malipoti onse awiri, losefa ndi losasefa, pamodzi ndi mizere isanu yofotokoza kuti gwero lina ndi fomu ya dipatimenti, lina ndi gawo 30 la malamulo, ndiponso kuti mutu wa makuponi anaulembapo kale mu kosi ya semesita yatha.